Kalata Yopanda Tsiku Lomaliza

M'mawa uliwonse, asanamwe n'tiyi yemwe, alamu anga amatulutsa sipanala yaitali m'thumba la ovolosi. Mbali imodzi amaikhudzitsa pa firiji, inayo pakhutu, kenako amatsinzina. Amaima choncho kwa kanthawi, nkhope ili ndwii ngati munthu amene akuuzidwa nkhani ya maliro. Akamaliza amangoti, "Ili bwino," kapena, "Ikudandaula." Achemwali anga amati anakwatiwa ndi mwamuna amene amapereka moni kwa firiji asanapereke kwa mkazi wake. Alamu amayankha kuti firijiyo sinawabwezerepo mawu.

Ntchito yawo ndi yokonza makina kumalo kumene amachapirako nsalu za m'mahotela. Ndinapitako kamodzi kukawapatsira makiyi amene anaiwala. Ndi chinyumba chachitali chotentha, chonunkha sopo ndi nthunzi, ndipo makina ake ndi oti munthu akhoza kulowamo n'kukhala pansi. Kumeneko amawatchula kuti a Sipanala. Sukulu anailekeza kupulayimale, ndipo akamalemba amadinikiza pensulo mpaka zilembo zimaonekera kuseri kwa pepala. Ine ndinabwera kudzakhala pakhomo pawo nditamaliza sekondale, podikira kuti ntchito ipezeke.

Mwana wawo ndi mmodzi, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Timamutchula kuti Kanyerere chifukwa sakhazikika, ndipo nthawi zonse umamupeza atanyamula kachakudya kupita nako kwinakwake. Bambo ake akamaliza kumvera firiji, iye amakweza malaya n'kuti amverenso yake. Alamu amaika sipanala pamimba pake mwaulemu wonse n'kunena kuti makinawa akupempha buledi.

Lachitatu lina Kanyerere anabwera kuchokera kusukulu akusanza, ndipo pofika madzulo anali atayamba kutsekula m'mimba. Zinatenga masiku anayi. Kuchipatala chaching'ono cha kuseri kwa msika anatipatsa timapaketi tosungunulira m'madzi, ndipo tinkamumwetsa pang'onopang'ono ndi sipuni, achemwali m'mawa, ine masana. Atayamba kupeza bwino, achemwali anamutenthetsera kapu yodzaza ya mkaka kuti mphamvu zibwerere. Pasanathe ola mimba inatupa ngati mpira, ikulira, ndipo mwana anayambiranso kuthamangira kuchimbudzi.

Achemwali anabwerera naye kuchipatala Lachisanu la sabata yotsatira. Pochokera kumeneko achemwali anali otopa, ali ndi mantha, komanso atachedwa kufakitale kumene amasoka mayunifolomu. Mawu amene anabwera nawo anali atatu okha: mkaka ayi, zokazinga ayi, zakumwa zotsekemera ayi. Vuto linali lakuti kusukulu ya Kanyerere ana amalandira kapu ya mkaka nthawi ya teni, ndipo masana amadyera pamodzi m'kalasi. Panafunika kalata yopita kwa aphunzitsi ake.

"Iwe ndiwe wa sekondale," anatero achemwali akumanga nsapato. "Lemba zoti amve kuti si zamasewera."

Ndinailemba kawiri, yoyeserera ndi yeniyeni. Inadzaza tsamba lonse. Ndinayamba ndi moni wautali, ndinathokoza aphunzitsi chifukwa cha ntchito yawo yotamandika, kenako ndinati mwana wathu wadwala matenda oopsa a m'mimba, choncho asapatsidwe mkaka, zamafuta, zotsekemera ndi zina zotero, pakuti zimenezi zingaike moyo wake pachiswe. Achemwali anati yamveka ngati ya ku ofesi. Lolemba m'mawa tinaiika m'chikwama cha mwana.

Sabata imeneyo Kanyerere sanatsekulenso m'mimba, ndipo tinati zatheka. Koma kunyumba anayamba kukankha mbale. Ukamupatsa mpunga ankangousuntha ndi sipuni uku ndi uku. Nthochi imene kale ankaiba pa tebulo ankaiyang'ana n'kufunsa ngati ndi yololedwa. Achemwali anati ndi zotsalira za matenda, chilakolako chibwerera chokha. Siketi ya sukulu inayamba kumutsika, ndipo Lachinayi ndinaigwira ndi pini.

Loweruka masana alamu anakhala pakhonde akutsuka zitsulo zawo m'kabeseni ka mafuta, ndipo Kanyerere anatenga chitini cha manati ndi mabawuti n'kuyamba kusewera sukulu. Anandandalika manatiwo m'mizere pasimenti. Bawuti yaitali inali aphunzitsi. Kenako anatenga kanati kamodzi kakang'ono, anadzuka, anakakaika patali pafupi ndi chitseko, n'kubwerera kudzagawira enawo timiyala.

Alamu anafunsa, osadzutsa mutu, kuti uyo wa kuchitsekoyo walakwa chiyani.

"Sanalakwe," anatero mwana. "Ndi wamatenda. Amadya yekha kuti asapatsire anzake. Amadya mpunga woyera basi, akadya china afa."

Manja a alamu anaima m'kabeseni muja. Anafunsa ngati kanatiko kali ndi dzina. Mwana anati anzake amakatchula kuti Chimimba, ndipo akamadutsa pafupi nako amagwira mphuno. Ananena zimenezi mopanda kulira, akupitiriza kugawa timiyala.

Mwana atapita kukasamba, alamu anandifunsa ngati kalata yoyeserera ija ndikadali nayo. Ndinawapatsa. Anapukuta zala pa ovolosi, anaiwerenga pang'onopang'ono chala chikutsata mzere, milomo ikuyenda. Ndinkadikira kukalipiridwa.

Sanakalipe. Anati kalatayo ndi yokongola, iwo sangaifike n'komwe, koma akanati aipachike pa makina kuntchito, makinawo akanakhala chiimire mpaka chaka chamawa. Anafotokoza kuti makina akawonongeka amamangirirapo kakhadi ndi waya, ndipo pakakhadipo pamayenera kukhala zinthu zinayi: chimene chawonongeka, chimene ungagwiritsebe ntchito, tsiku limene kakhadiko kachoke, ndi munthu womufunsa. Kakhadi kongoti "zoopsa" anthu amakaopa, amazungulira patali, palibe amene amakhudzanso makinawo ngakhale kuwapukuta fumbi. Anati kale anapezapo makina abwinobwino ataima miyezi isanu chifukwa cha lamba mmodzi, munthu amene anapachika kakhadiyo atasiya ntchito kalekale.

Achemwali, amene ankamvera ali pakhomo la khitchini, anati mwana wawo si makina ochapira. Alamu anavomera kuti si makina, ndipo n'chifukwa chake sangadikire miyezi isanu. Kenako anawafunsa kuti kodi anamwino anati mkakawo ausiye mpaka liti. Achemwali anati mwina ananena, koma tsiku limenelo mutu wawo sunali pamalo.

Lolemba alamu anapempha masiku awiri kwa akapitawo. Anatenga mwana, ndipo ine anandiuza kuti ndibwere ndi cholembera. Mafunso awo anali atawalemba ndi pensulo kuseri kwa kakhadi kakuntchito. Tinadikira pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu. Anamwino, mayi wamfupi wa magalasi olendewera pachingwe, anamukweza Kanyerere pasikelo, anayang'ana m'buku lake, n'kuyang'ananso sikelo. Mwana anali atatsika kuposa mmene analili akudwala.

"Ndani anati asamadye?" anafunsa.

Ine ndinayang'ana pansi. Alamu anangoyamba kuwerenga mafunso awo limodzilimodzi. Kodi matendawa angapatsirebe ena? Anamwino anati mwana akatha masiku awiri osatsekula ndi osasanza akhoza kukhala ndi anzake, bola azisamba m'manja ndi sopo, ndipo uyu watha sabata ndi kanthu. Nanga mkaka walakwa chiyani? Anati matenda aja amakanda m'kati mwa matumbo, ndipo mpaka pachire thupi limalephera kugaya shuga wa mumkaka, n'chifukwa chake mimba imatupa. Zimatha zokha pa masabata ochepa. Nanga atamwa pang'ono mwangozi, afa? Anamwino anavula magalasi n'kuwayang'ana alamu. Anati ayi, mimba ingopweteka, mwina atsekula kamodzi kapena kawiri, basi. Izi n'zosiyana ndi za ana amene amatupa milomo n'kubanika akadya chinthu chosayanjana ndi thupi lawo.

Funso lomaliza linali lakuti adye chiyani. Anamwino anati limenelo ndi limene likanayenera kukhala loyamba. Anatchula zakudya mofulumira moti cholembera changa chinkatsalira, ndipo alamu ankawapempha kuti abwereze. Anthu a pabenchi kunja anayamba kung'ung'udza. Alamu sanasunthe mpaka atapatsidwa masiku enieni a pakalendala. Kenako anapempha kuti tilembere kalatayo pomwepo pakhonde, anamwino adindepo chidindo chawo. Anamwino anati pa zaka zonse zimene agwira ntchito sanaonepo bambo wokakamira chonchi, koma tibwere nayo asanapite kukadya.

Tinailembera pa bondo, alamu akunena, ine ndikulemba. Nditayamba moni wanga uja anati ndisiye mzere umodzi wokha, aphunzitsi ali ndi ana makumi anayi. Kalatayo inali yotere:

"Aphunzitsi, moni. Pepani, kalata yathu yoyamba sinafotokoze bwino.

"Mwana wathu anadwala m'mimba koma anachira. Sangapatsire wina aliyense. Akhale ndi anzake ndipo adye nawo pamodzi.

"Adye izi: mpunga, buledi, mbatata, nthochi, dzira lowiritsa, nyama kapena nsomba yophika, masamba ophika, ndi phala lopanda mkaka. Nyemba pang'ono. Akafuna kuwonjezera mupatseni, chifukwa waonda. Amwe madzi ambiri a m'botolo lake, ngakhale m'kalasi.

"Asiye izi: zokazinga m'mafuta ambiri ndi zakumwa zotsekemera kwambiri, mpaka Lachisanu lino. Mkaka ndi chilichonse chothira mkaka, mpaka Lachisanu pa 21 mwezi uno. Likadutsa tsiku limenelo tiyamba kumuyesa pang'onopang'ono kunyumba, ndipo tidzakuuzani.

"Akalawa mkaka mwangozi si zoopsa. Mimba ikhoza kupweteka basi. Akapempha kupita kuchimbudzi muloleni msanga, ndipo asambe m'manja ndi sopo.

"Tiimbireni foni akasanza, akatentha thupi, akatsekula katatu pa tsiku, mukamva zoti muli magazi, kapena akafooka n'kumangogona."

Pansi pake tinaika manambala awiri a foni, ndipo alamu anasaina okha, akudinikiza. Anandiuza kuti ndikopere inanso yofanana. Nditafunsa kuti ya ndani, anati amene amagwira chipande si aphunzitsi.

Lachiwiri tinafika kusukulu nthawi ya chakudya itayandikira. Alamu anavala shati yoyera ya kutchalitchi, koma zikhadabo zinali zakuda monga mwa masiku onse. Aphunzitsi a Kanyerere ndi mayi wamtali, wa juzi yotuwa ndi choko m'zigongono. Anatuluka nafe pakhonde n'kusiya chitseko chotsegula kuti aziona ana. Kuchokera pomwe ndinaima ndinaliona desiki la Kanyerere, lokhalokha pafupi ndi chitseko, kapu ya pulasitiki yolembedwa dzina ili pamwamba.

Aphunzitsi anatulutsa kalata yanga m'kaundula. Mawu akuti "pachiswe" anali atawadula mzere wofiira kunsi, ndipo pa "zina zotero" panali chizindikiro cha funso. Anati anatuma mwanayo kawiri kuti makolo abwere, koma sanaone munthu, ndipo nambala ya m'kaundula ndi yakale, sikugwira. Sabata imene Kanyerere anadwala, ana enanso atatu anadwala, ndipo makolo awo ankabwera kudzafunsa kuti zayambira kwa ndani. Mawu a aphunzitsiwo anali ouma, a munthu amene wakonzekera kukangana.

Kenako anatsitsa mawu. Anati zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo anali ndi mwana m'kalasi amene makolo ake analemba kuti asamadye mtedza. Iwo anaitenga mopepuka. Mnzake anamugawira kabisiketi, ndipo pasanathe mphindi khumi milomo inali itatupa, mpweya ukuchita kuliza mluzu. Anathamanga naye m'manja mpaka kumsewu, nsapato atazisiya m'kalasi. Mwanayo anapulumuka, koma kuyambira tsiku limenelo kalata ya chakudya amaiwerenga mtima uli m'mwamba.

Alamu anamvetsera mpaka kumapeto, chipewa chili m'manja. Ndinkaganiza kuti anena kuti kalatayo analemba ndi mlamu wawoyu, pakuti ndinali chiimire pomwepo.

"Mukanachita mphwayi ndi kalata yotere, ndikanakudandaulani," anatero alamu. "Inu munachita zimene pepala linanena. Olakwa ndife olemba. Ndabweretsa ina."

Aphunzitsi anaiwerenga kawiri. Anayang'ana chidindo cha chipatala, n'kubwerera pa mzere wonena za kulawa mwangozi, ndipo anafunsa ngati anamwino ananenadi choncho ndi pakamwa pawo. Alamu anati inde, anachita kuvula magalasi. Aphunzitsi anapumira m'mwamba, mapewa n'kutsika. Anaitana ana awiri kuti abweze desikilo pamzere wachitatu.

Kukhitchini tinapeza amayi ophika akuvundula mphika waukulu ndi mthiko wofika m'chiuno. Anati iwo anangouzidwa kuti mwana wa kuchitseko apatsidwe mpunga wopanda kanthu, ndipo ankamva chisoni pomuika m'mbale, ngati akudyetsa mkaidi. Anawerenga kalata yawo mokweza, ndipo atafika pa dzira lowiritsa anaseka, n'kuti ankayesa kuti mwanayo akufunika chakudya chochokera kunja pa ndege. Alamu anafunsa kuti mkaka wa ufa amathira m'chiyani ndi m'chiyani. Amayiwo anaganiza, n'kuti m'phala la Lachitatu ndi mu tiyi. Anagwirizana kuti azipatula gawo la Kanyerere asanathire. Kalatayo anaimata pakhoma pamwamba pa sinki, ndipo anauza alamu kuti popeza abwera, amvereko mpope umene ukudontha. Alamu anaumanga ndi zala zokha, shati yoyera n'kuthimbirira m'mikono.

Chakudya chinalowa m'kalasi: mpunga, masamba ndi dzira. Ana anafola kusamba m'manja pa ndowa ya pakhomo. Kanyerere anakhala pamalo pake pamzere wachitatu, koma mtsikana wa kumanzere anakokera mbale yake kumapeto kwa desiki, ndipo wina kumbuyo ananong'ona dzina lija. Aphunzitsi anauza kalasi kuti mnzawoyo anachira ndipo achipatala alemba, koma ana anangowayang'ana. Kanyerere anaika manja pansi pa desiki. Dzira sanalikhudze.

Alamu anafunsa aphunzitsi chapansipansi ngati mlendo amaloledwa kudya. Anapatsidwa kampando ka ana. Anasamba m'manja pa ndowa paja, ndi sopo, nthawi yaitali, ana onse akuona mmene thovu likudera. Atakhala pakampandoko mawondo anafika pafupi ndi makutu, ndipo kuseka kunayambira kumbuyo n'kufalikira kalasi yonse. Iwo sanaseke. Anakokera mbale ya mwana wawo pakati, anatenga sipuni yake yomweyo, anadya mpunga, anatema dzira pakati n'kudya theka. Anatafuna mofatsa, n'kunena kuti kuntchito kwawo saphika chonchi, mwina angosiya ntchito ayambirenso sukulu.

Mtsikana wa kumanzere uja, wa mano awiri akutsogolo oguluka, anafunsa ngati sakuopa kudwala. Alamu anati matendawo anapita kalekale, chimene akuopa n'chakuti mbaleyi ithe asanakhute. Anatambasula sipuni kulunjika theka la dzira lotsalalo.

"Adadi, limenelo ndi langa," anatero Kanyerere.

Analitola ndi zala n'kuliponya mkamwa. Kenako analanda sipuni. Sanamalize mbale, anadya mwina theka, koma ankadya akuitchinga ndi mkono. Mtsikana wa mano oguluka anabweza mbale yake pakati pa desiki pang'ono ndi pang'ono, ndipo pofika kumapeto ankamuuza Kanyerere kuti bambo ake ali ndi makutu aakulu. Aphunzitsi anali atatembenukira kubolodi, akufufuta malo amene panalibe cholembedwa.

Madzulo, pa chakudya, Kanyerere anadya mbatata ziwiri ndi nsomba, n'kufunsa kuti pa 21 patsala masiku angati. Achemwali anamuwerengera pa zala, maso ali pa amuna awo. Alamu anati mwina mawa apitenso nthawi ya chakudya, akangoona ngati phala alipatula. Mwana anasiya kutafuna.

"Musabwerenso," anatero. "Mwandichititsa manyazi. Anzanga akuti mumadya ngati thirakitala. Ndiponso mpando mwakhalira uja ndi wa mnzanga, mawa akufuna akhale pafupi ndi ine."

Achemwali anaseka mpaka kutsamwa, n'kuti a Sipanala achotsedwa sukulu tsiku loyamba lomwe. Alamu anati aona, kunja kuno kulibe kuyamika.

M'mawa mwake alamu anadzaza botolo la mwana ndi madzi owiritsa, anayesa chivindikiro kawiri, n'kuikamo nthochi m'chikwama. Anamuperekeza, ine ndikutsatira pambuyo popita kukagula buledi. Atafika pa kona ya sitolo ya mankhwala, pamene geti ya sukulu imayamba kuonekera, Kanyerere anati pomwepa pakwana. Alamu anamuwolotsa msewu, anamupatsa chikwama, n'kubwerera tsidya lino. Anaima kuseri kwa mtengo wa magetsi, umene sunkawabisa n'komwe, mpaka mtsikana wa mano oguluka uja atatulukira pageti n'kumukoka mwanayo dzanja. Kenako anayang'ana wotchi, anagwira thumba la ovolosi kuti zitsulo zisagwe, n'kuthamangira basi.